Kuika khadi lalikulu la zithunzi mu kompyuta yakale

Khadi la zithunzi ndi chipangizo chimene chimakonza zonse zooneka pa sikirini ya kompyuta. Khadi lalikulu lisanaikidwe mu kompyuta yakale, pamafunika kuona zinthu zitatu: siloti, kukula kwa bokosi ndi mawaya a magetsi.

Makhadi amakono amalowa mu siloti ya PCIe x16 ya pa bolodi lalikulu. Amagwirabe ntchito mu PCIe yakale, ngakhale liwiro limatsikako, koma salowa mu siloti ya AGP.

Chitsanzo ndi khadi la GeForce RTX 3080 Founders Edition la mu 2020, lomwe ndi lotalika mamilimita 285. Malo ake amayezedwa kuchokera kumbuyo kwa bokosi mpaka pa chotchinga choyamba, chomwe kawirikawiri chimakhala chimango cha mahadidisiki. Mpatawo ukakhala mamilimita 260, khadilo silikwana pokhapokha chimangocho chitachotsedwa.

Khadili limadya mawati 320, pamene siloti imapereka 75 okha. Otsalawo amadzera m'mawaya awiri a mapini 8, aliyense wa mawati 150, olumikizidwa ku adapita yake. Magetsi akachepa, kompyuta imayaka bwinobwino koma imazima mwadzidzidzi gemu yolemera ikayamba.