Tudoyo tutatu twamene tukumaliza lepu ndi mandimu pa yadi: gwedezani, pukutani, kandani

Sabata yatha ndinapita kuona ba anti banga ku Chawama, ndinabapeza bakalipa. Kamtengo kao ka mandimu kada bii monga kanagona pafupi ndi mbaula, lepu ya m'masaka yapindika masamba, ndipo ukakhudza tomato pauluka tunthu toyela monga ufa. Ati, "Mwana wanga, iyi ni jelasi chabe, kuli wamene anithilila vintu usiku." Neba wao anali atabauza kale kuti bapopele mankhwala ya mphemvu. Mwamwayi banali bakalibe kugula.

Panalibe wa jelasi. Pa yadi imodzi panali tudoyo twa mitundu itatu, ndipo tonse tudya mofanana: tulasa tsamba ndi kamlomo konga nyeleti, tumayamwa madzi a mbewu, kenaka tutulutsa tumadzi tomata twa shuga. Pa tumadzi utu ndiye pamamela nkhungu yakuda ija. Yesani kupukuta tsamba lakuda ndi kansalu konyowa. Ngati kuda kwachoka ndipo pansi pali gilini, si matenda a mtengo, ndi chizindikilo chakuti pamwamba pake pali woyamwa. Nyelele zikamakwela ndi kutsika monga mabasi a mu Lumumba, ndiye umboni wina, chifukwa zimabwelela shuga yomweyo.

Manje kuti mudziwe ndi uti, simufunika galasi. Chala chikwanila.

Yambani ndi kugwedeza mbewu. Ngati pauluka tuntchentche toyela, tung'onong'ono, n'kubwelela pansi pa masamba, utu ndi tumene ogulitsa mankhwala amati waitifulai. Tukonda maningi tomato, nyemba, impwa ndi chinangwa. Ngati palibe chauluka, tembenuzani tsamba kapena yang'anani ku nsonga zanthete. Mukaona tudoyo tofewa tounjikana, twa gilini, twakuda kapena totuwa, tofwanyika mukatupukuta ndi chala, izo ndi nsabwe za m'masamba. Za pa lepu ndi kabichi zimakhala zotuwa monga zawazidwa phulusa, ndipo zimabisala mu mtima mwa mbewu.

Wachitatu ndiye kabwalala wochenjela, chifukwa saoneka ngati kadoyo. Pa mandimu a ba anti panali tumatuza twa bulauni, tondandalikana m'mitsempha ya masamba ndi pa tunthambi, monga mamba a nsomba. Ena amati masikelo. Sayenda, sauluka. Kandani kamodzi ndi chikhadabo: kakasendeka n'kusiya kunyowa, ndi kadoyo kamoyo kamene kanadzivinikila ndi chikamba. Chosokoneza n'chakuti ana a tuntchentche toyela naonso amamatilila pansi pa tsamba monga tumamba, koma amakhala otumbuluka, ndipo makolo ao mumawapeza akuuluka pamenepo.

Tinayamba ndi lepu chifukwa ndiyo ndiwo. Nsabwe sizichedwa. Yaikazi imabala ana amoyo popanda yaimuna, ndipo kukatentha mwana amayamba kubala nayenso pakangopita sabata imodzi kapena kuposelako pang'ono. Tinathyola masamba amene anapindikilatu n'kuwataya kutali, osati pansi pa saka. Kenaka tinasungunula kasipuni ka tiyi kamodzi ka sopo ya madzi yotsukila mbale mu lita imodzi ya madzi, n'kuthila mu kabotolo kopopela. Ngati mulibe, boolani tumabowo pa chivinikilo cha botolo ya dilinki. Sopo imapha kadoyo kokha kamene yakanyowetsa, ikauma yatha ntchito. Choncho kupopela pamwamba pa masamba monga pefyumu ndi kutaya nthawi. Tembenuzani tsamba lililonse, tsegulani mtima wa lepu, nyowetsani. Bwelezani pakapita masiku 5 mpaka 7, kawili kapena katatu, ndipo tsukani ndiwo bwino musanaphike.

Apa ndi pamene ambili timalakwitsa, chifukwa timaganiza kuti sopo yambili ndiye mphamvu. Iyayi, imaocha masamba. Sopo ya ufa yochapila zovala ndi iliyonse yokhala ndi blichi, musayese n'komwe. Popelani madzulo dzuwa litazizila, makamaka mu Okutobala, ndipo yambani ndi masamba awili atatu. Mawa lake akakhala alibe mabala a bulauni m'mbali, pitilizani.

Tomato ndiyo inativuta. Tuntchentche takulutakulu tumathawa ukangofika, ndiye tipopela sopo yomweyo m'mamawa kukali kozizila, pamene tukali tofooka, ndipo cholinga chenicheni ndi ana aja omatilila pansi pa masamba. Mazila sopo siimawapha bwino, ndiye chifukwa chake kubweleza sabata ndi sabata n'kofunika. Tinadula chigubu chakale cha saladi cha chikasu, kupaka vaselini, kupachika molingana ndi nsonga za tomato. Mtundu wa chikasu umatukoka ndipo tumamatilila. Kunena zoona, msampha uyu sumaliza tonse, koma umakuonetsani ngati tukuchuluka kapena tukuchepa.

Panali tomato ziwili zofupika, masamba ang'onoang'ono opindikila m'mwamba, achikasu m'mbali, maluwa akuyoyoka. Iyo ndi vailasi imene tuntchentche utu tumanyamula kuchoka pa mbewu yodwala, ndipo ilibe mankhwala. Ndinabauza kuti tizule. Ba anti ati, "Iwe, uziba mwamene navutikila kutapa manzi?" Tinazulabe, chifukwa kuzisiya kunali kupeleka zinzake zonse.

Mandimu anafuna njila ina. Chikamba cha masikelo chimatchinga sopo, ndiye pafunika mafuta otseka mpweya. Tengani makapu awili a saladi ndi hafu ya kapu ya sopo yotsukila mbale, khutchumulani mu botolo mpaka ziyele monga mkaka. Pa lita imodzi ya madzi muikamo sipuni yaikulu imodzi chabe, yotsalayo musunga. Pakuti mtengo wa ba anti ndi waung'ono, tinayamba tadula tunthambi todzalilatu, n'kukwecha twina ndi mswachi wakale. Mafuta amaocha kuposa sopo, choncho musapopele kukatentha kupitilila madigili 30, kapena mtengo ukakhala wofota ndi ludzu. Thililani kaye. Pakapita masabata awili bwelezani, kuti mugwile ana amene angotuluka kumene, akalibe kupanga chikamba.

Musadabwe kupeza masikelo akali pomwepo mutapopela. Akufa sagwa msanga. Kandaninso: ngati kauma n'kufumbutuka monga nkhanambo, kafa. Ngati kakali konyowa, ntchito ikalipo. Nkhungu yakuda nayo imatenga nthawi, imachoka pang'onopang'ono ndi mvula shuga ikaleka kugwa.

Nyelele musaziiwale. Zimateteza nsabwe ndi masikelo kwa adani ao monga mabaunsa pa geti ya kilabu, chifukwa ndiwo amazipatsa shuga. Tinazinga thunthu ndi tepi n'kupaka gilisi pa tepipo, osati pa khungwa, ndipo tinadula nthambi imene inali kukhudza wolofensi, poti ndiwo unali mlatho wao.

Nanga mankhwala ya mphemvu ija? Si ya pa chakudya, ndipo imaocha masamba. Chimodzimodzi tumabotolo topanda lebo twa pa msika: simudziwa muyezo, simudziwa masiku oyembekezela musanathyole ndiwo. Mankhwala amphamvu amaphanso tudoyo tofiila twa madontho akuda tumene tumadya nsabwe, pamene masikelo ali phee pansi pa chikamba chao. Pa lepu ya ba anti tinapezapo tuwili, ndipo ndinabagwila dzanja bakufuna kutufwanya.

Chimodzi chimene banavomela okha ndi fetelaiza. Banali kuika yuliya pafupifupi sabata iliyonse kuti lepu inenepe, koma masamba ofewa otelo ndiwo nsabwe zimakonda. Manje bachepetsa, ndipo Loweluka ndibwelelako ndi kabotolo kopopela kachiwili.