Duloni ikajambula mapu ku Nsanje

Duloni isanauluke m'zigwa za ku Nsanje, zomwe zimasefukira madzi, wojambula mapu amayamba ndi kukhoma pansi zizindikiro zosachepera zisanu, zakuda ndi zoyera: zinayi m'ngodya, china pakati. Malo a chilichonse amawayeza ndi GPS yolondola kwambiri. Akaziika pamzere umodzi, mapu amapendekeka.

Kenako amasankha kutalika. Phantom 4 Pro ikauluka pamamita 100, kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira masentimita pafupifupi 2.7 pansi. Akaitsitsa, ngalande zing'onozing'ono zimaoneka bwino, koma mabatire amatha ntchito isanathe.

Chofunikanso kwambiri n'chakuti zithunzi zisanjikizane: 75 peresenti kutsogolo, 60 m'mbali. Pamunda wa nzimbe, pomwe masamba onse amangofanana, amakweza kufika 85, apo ayi kompyuta imalephera kuzilumikiza ndipo mapu amatuluka ndi mabowo.