Wokondwa amangopita, wokwiya ndiye amalemba

Mu 2018 khoti la mumzinda wa Lecce ku Italy lidagamula kuti mwini wake wa kampani ya PromoSalento akakhale kundende miyezi 9. Mlandu wake udali wogulitsa mawu. Mahotela ndi malo odyera ankamulipira, iye n'kumalemba ndemanga zowatamanda pa TripAdvisor pogwiritsa ntchito mayina abodza, ngati kuti ndi alendo amene adagonako n'kudyako. Munthu wina wa ku London, Oobah Butler, adaulula yekha kuti ankalandira mapaundi 10 pa ndemanga iliyonse yabodza. Mu 2017 adafika popeka malo odyera amene kunalibe, The Shed at Dulwich, ndipo ndemanga zopeka zidawakweza mpaka kukhala oyamba mu London yense.

Malonda oterewa ali ndi msika chifukwa cha vuto limene wabizinesi aliyense amalidziwa. Kasitomala amene wakondwa amathokoza, kunyamula chikwama chake n'kumapita. Amene wapeza madzi osamba ali ozizira ndiye amatenga foni usiku womwewo n'kulemba. Choncho tsamba la bizinesi yabwino limatha kuoneka loipa, osati chifukwa okondwa kulibe, koma chifukwa palibe amene adawapempha kuti alankhule.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi loji yaing'ono m'mbali mwa nyanja ku Cape Maclear. Pa Google Maps pali ndemanga zinayi zokha: awiri adapereka nyenyezi 5, mmodzi 4, ndipo wina, amene bedi lake lidali ndi neti yong'ambika, adapereka 1. Kuphatikiza zonse ndi nyenyezi 15, kugawa ndi anthu anayi ndi 3.75. Mlendo wofuna pogona akaona chiwerengero chimenecho amadumpha n'kuyang'ana loji yoyandikana nayo. Tsono tiyerekeze kuti mayiyu wapempha alendo ake, ndipo 10 alemba: 6 apereka nyenyezi 5, atatu 4, mmodzi 3. Nyenyezi zonse tsopano ndi 60 pa anthu 14, kutanthauza pafupifupi 4.3. Ndemanga yoipa ija sinafufutidwe, ikadali pomwepo, koma yasiya kulamulira tsamba lonse.

Ndipo 4.3 si yochititsa manyazi. Kafukufuku wa Spiegel Research Center wa pa yunivesite ya Northwestern ku America, wa mu 2017, adapeza kuti anthu amagula kwambiri katundu amene nyenyezi zake zili pakati pa 4.0 ndi 4.7, ndipo chidwi chimayamba kutsika zikamayandikira 5.0. Ogula si ana. Akaona aliyense akuyamikira popanda wodandaula ndi mmodzi yemwe, amadziwa kuti pali china chake.

Kupempha kuli ndi nthawi yake. Mayi uja akapempha mlendo akungofika kumene, alibe choti alembe. Akadikira mwezi, mlendoyo wabwerera kuntchito ndipo kukoma kwa chambo chowotcha kwaiwalika. Nthawi yabwino ndi pamene mlendo akubweza kiyi, ndipo pempholo lichokere pakamwa pa munthu amene wakhala akumutumikira: "Bambo, mukapeza mpata mutilembereko pa Google mmene mwakhalira kuno, zabwino ndi zimene sizinakusangalatseni zomwe." Mawa lake atumize uthenga waufupi pa WhatsApp wokhala ndi linki yopita pamalo enieni olembera. Linki imeneyi mwini bizinesi amaipeza ulere mu Google Business Profile, ndipo angathe kuisandutsa QR n'kumata pakauntala. Ambiri amene amalonjeza kulemba amalephera pa kanthu kakang'ono ngati kameneka, kusowa poti adine. Kukumbutsa kamodzi patatha sabata n'kokwanira. Kupitirira apo n'kuvutitsa munthu.

Mawu opemphera asamuuze mlendo choti anene. "Mutipatse nyenyezi 5" si pempho, n'kumulembera yankho. Chothandiza ndi funso lomukumbutsa, monga chimene adadya kapena mmene ulendo wa paboti wopita ku chilumba cha Thumbi udayendera. Ndemanga yotchula zinthu zenizeni ndi imene owerenga amaikhulupirira. Zabodza zimadziwika ndi kusowa kwa zimenezi: mawu okometsera okhaokha, zambiri kubwera tsiku limodzi, ndiponso olemba amene sadalembepo za malo ena alionse.

Misampha iwiri imakola ngakhale anthu oona mtima, ndipo ndi imene ikufunika kuimvetsa bwino.

Woyamba ndi kamphatso. Pachikhalidwe chathu munthu akakuchitira chabwino umamuthokoza, choncho kupereka botolo la chakumwa kapena kuchotserako mtengo kwa amene walemba kumaoneka ngati ulemu chabe. Koma malamulo a Google ndi a TripAdvisor amaletsa kupereka ndalama, katundu waulere kapena kutsitsa mtengo posinthana ndi ndemanga, ngakhale ndemangayo ikhale yoona. Chifukwa chake n'chomveka: amene wadya chako sanganene za neti yong'ambika. Amazon nayo idaletsa mu 2016 ndemanga zolembedwa posinthana ndi katundu waulere, kupatula zodzera m'pulogalamu yakeyake ya Vine. TripAdvisor ikagwira bizinesi ikuchita zachinyengo imaitsitsa pamndandanda, ndipo nthawi zina imaika chenjezo lofiira patsamba pake loti aliyense aone. Ngati mayi uja akufuna kupatsa alendo kapaketi ka khofi wa ku Mzuzu potsanzikana, apatse onse, wolemba ndi wosalemba, osatchulapo za ndemanga.

Wachiwiri ndi kusefa. Wabizinesi amayamba wafunsa ngati mlendo wakondwa. Akavomera amamupatsa linki, akadandaula amamuuza kuti akambirane kuseri. Kunja kumaoneka nzeru, koma Google imaletsanso kusankha okondwa okha. Kampani ya zovala ya ku America ya Fashion Nova idavomera mu 2022 kulipira madola 4.2 miliyoni bungwe la Federal Trade Commission litaiimba mlandu wobisa ndemanga za nyenyezi zosakwana 4 patsamba lake. Bungwe lomwelo lidakhazikitsa mu 2024 lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza, ndipo ku Britain chiletso chotere chidayamba kugwira ntchito mu Epulo 2025. Choncho ngakhale nkhani ili yofuna mawu a makasitomala okondwa, njira yoyera yowapezera n'kupempha aliyense. Ngati loji ikusamalidwa bwino, okondwa achuluka okha.

Achibale ndi antchito nawo asalembe. Mlamu amene sadagonepo pa lojiyo si mlendo, ndipo ndemanga zingapo zochokera pafoni imodzi ya pakauntala zimakayikitsa makina osefa, moti zoona zomwe zingathe kuchotsedwa. Mlendo alembe pafoni yake, ndi akaunti yake.

Nanga uja wa neti yong'ambika? Akulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Iye waona chimene eni malo adachizolowera. Mayi uja amuyankhe poyera, mwachidule ndi mwaulemu: avomere kuti netiyo idalidi yong'ambika, apepese, anene tsiku limene adasintha maneti m'zipinda zonse. Asakangane naye, ndipo asaulule zamseri za mlendoyo. Yankholo kwenikweni likupita kwa anthu mazana amene adzaliwerenge akusankha pogona pa tchuthi cha Khirisimasi. Okondwa nawo ayankhidwe mmodzimmodzi, potchula chimene iwo adatchula, osati mawu amodzimodzi ongokopera. Pa loji ya zipinda zochepa ntchito yonseyi ndi ya mphindi zowerengeka madzulo, alendo akadya, ndipo kabuku ka pakauntala kangokhala ndi mizere itatu: tsiku limene mlendo wachoka, tsiku limene linki yatumizidwa, ndi tsiku lomukumbutsa.