Mzere umodzi ukasokoneza lipoti la m'mawa

M'maofesi ambiri amene amadalira manambala muli kapulogalamu kakang'ono kogwira ntchito anthu ali m'tulo. Usiku uliwonse kamatenga zolembedwa zatsopano m'detabesi, kuziwonkhetsa, n'kukonzanso lipoti limene mabwana adzaliwerenge m'mawa. Akatswiri a makompyuta amakatchula kuti sikiripiti yotsitsimutsa deta, ndipo nthawi zambiri ndi fayilo imodzi yokha ya mizere yowerengeka, ya dzina ngati `refresh.sh`. Poti ndi kakang'ono, aliyense amangokatsegula, kusintha apa ndi apo, n'kutseka. Ena amasiya makope ambali monga `refresh_old.sh` ndi `refresh_final2.sh`, ndipo pakatha miyezi itatu palibe amene amakumbukira kuti kope labwino linali liti.

Mavuto ngati amenewa ndiwo Git amathetsa. Pulogalamuyi anailemba Linus Torvalds mu Epulo 2005 kuti izisunga mbiri ya zosintha za Linux, ndipo patangopita miyezi yochepa anaisiya m'manja mwa Junio Hamano. Git amasunga chithunzi cha mafayilo nthawi iliyonse munthu akamuuza kutero. Chithunzi chilichonse chimatchedwa `commit`, ndipo chimakhala ndi dzina la wosinthayo, tsiku, uthenga wofotokoza, ndi nambala yakeyake ya zilembo 40, ngakhale anthu amangogwiritsa ntchito zilembo zoyambirira zisanu ndi ziwiri.

Tiyerekeze kampani yogulitsa zipangizo zomangira yokhala ndi masitolo anayi. Mayi wina amene amayang'anira malipoti wasintha zinthu zitatu m'sikiripiti sabata imodzi. Lolemba wasamutsa foda imene lipoti limasungidwa. Lachiwiri wawonjezera lamulo loti malisiti a katundu wobwezedwa asamawerengedwe. Lachitatu wasintha kalembedwe ka madeti kuti tsiku lizikhala patsogolo pa mwezi. Lachisanu m'mawa akauntanti akuimba foni: ndalama za sitolo imodzi zatsika kwambiri pa lipoti, pomwe mabuku a m'sitolomo akusonyeza kuti malonda ayenda monga mwa masiku onse.

Mayiyu sanafunike kuwerenga fayilo yonse. Analemba lamulo limodzi, mbiri n'kutuluka, zatsopano pamwamba:

```
$ git log --oneline
c41d9e2 Lemba madeti tsiku patsogolo
7b3f0a8 Chotsa malisiti obwezedwa pa chiwonkhetso
e92a6c1 Samutsa lipoti ku foda yatsopano
```

Pa mizere itatuyi, umodzi wokha ndiwo ukukhudza ndalama. Atalemba `git show 7b3f0a8` anaona mzere umene anawonjezera Lachiwiri lija: `WHERE status <> 'refunded'`. Poyang'ana koyamba palibe cholakwika, chifukwa mzerewu ukuti tengani malisiti onse osabwezedwa. Koma sitolo ija imagwiritsa ntchito makina akale amene salemba kanthu m'danga la `status`, ndipo danga lopanda kanthu lotero m'chinenero cha SQL limatchedwa `NULL`. SQL ikafunsidwa ngati `NULL` ikusiyana ndi mawu ena, siyankha kuti inde kapena ayi. Imati sizikudziwika, ndipo lisiti lotero limasiyidwa kunja mwakachetechete, popanda uthenga wochenjeza. Sikiripiti inkamaliza bwinobwino usiku uliwonse, koma ikutaya malisiti enieni.

Apa ndi pamene ubwino wa zosintha zing'onozing'ono umaonekera. Mayiyu analemba `git revert 7b3f0a8`. Lamuloli silifufuta mbiri. Limapanga `commit` yatsopano yochita zosemphana ndi yakaleyo, kotero mzere wolakwika uja unachoka, pomwe foda yatsopano ndi madeti zinakhala momwemo. Anayendetsanso sikiripiti, nayerekeza chiwonkhetso ndi mabuku a m'sitolo, ndipo zinafanana. Masana, mtima uli m'malo, anabwezeretsa lamulo la malisiti obwezedwa lili lokonzedwa: `WHERE status IS NULL OR status <> 'refunded'`.

Akanakhala kuti anaunjika zosintha zitatu zija mu `commit` imodzi ya uthenga woti "zokonzakonza", nkhani ikanakhala ina. Kuibweza kukanachotsa zonse zitatu, lipoti n'kubwerera ku foda yakale kumene palibenso amene akuliyang'ana. Ndiye chifukwa chake odziwa ntchitoyi amati `commit` iliyonse izinyamula ganizo limodzi. Kuzindikira kuti yakula n'kosavuta: ngati munthu sangathe kuifotokoza popanda kunena "komanso", ndiye kuti ndi ziwiri. Amene wasintha kale zinthu zingapo m'fayilo imodzi angagwiritse ntchito `git add -p`, imene imamuonetsa chigawo chimodzichimodzi n'kumufunsa ngati chilowe tsopano kapena chidikire.

Uthenga nawo uli ndi kalembedwe kake. Mwambo wa ogwiritsa ntchito Git ndi woti mzere woyamba ukhale wa zilembo pafupifupi 50, kenako mzere wopanda kanthu, kenako kufotokoza. Zimene zasintha Git amazionetsa yekha. Chimene sangadziwe ndi chifukwa chake. Choncho pa `commit` ya masana ija mayiyu analemba kuti makina a sitolo ina salemba `status`, kuti popanda `IS NULL` malisiti awo amasowa, ndiponso kuti anayesa poyerekeza ndi mabuku a Lachinayi. Wina akadzafuna "kuyeretsa" mzerewu patapita chaka, `git blame` idzamulozera ku uthenga umenewu asanabwereze cholakwa chomwecho.

Nthawi zina vuto limaoneka mochedwa, zosintha zitachuluka, ndipo mauthenga okha salozera wolakwa. Pamenepo pali `git bisect`. Munthu amauza Git `commit` imodzi imene akudziwa kuti inali bwino ndi ina imene ili yolakwika, ndipo Git amamupatsa ya pakati kuti ayese. Yankho lililonse limadula theka la zotsala, moti pa zosintha 64 kuyesa pafupifupi kasanu n'kamodzi n'kokwanira. Koma njirayi imapindulitsa ngati `commit` yopezekayo ili ya mizere yochepa, ndiponso ngati sikiripiti imayenda pa sitepe iliyonse.

Git ali ndi malire ake. Amabweza mawu a m'sikiripiti, koma sabweza zimene sikiripitiyo yachita kale. Mu Januwale 2015 ogwiritsa ntchito Steam pa Linux anadandaula za mzere wa `rm -rf "$STEAMROOT/"*` m'sikiripiti yoyambitsira pulogalamuyo. Pamene `$STEAMROOT` inakhala yopanda kanthu, lamuloli linayamba kufufuta mafayilo onse amene munthuyo anali ndi chilolezo chowafufuta. Kukonza mzere wotero sikubwezera munthu zithunzi zake. N'chimodzimodzi ndi sikiripiti imene imafufuta tebulo lakale isanalembe latsopano: pamafunika kope la deta losungidwa padera, komanso kuyesa kusintha kulikonse pa deta yoyeserera.

Pasiwedi ya detabesi nayo isalembedwe m'sikiripiti. Ikangolowa mu `commit`, imakhalabe m'mbiri ngakhale itafufutidwa mawa lake, ndipo chotsala n'kuisintha basi. Malo ake ndi fayilo ina imene dzina lake lalembedwa mu `.gitignore`.

Chomaliza chimene chimapusitsa ambiri ndi kusintha sikiripiti pa seva penipeni usiku wa mavuto, osauza Git. Mbiri imanena zina, fayilo yoyenda n'kumachita zina. Mayi wa m'chitsanzo chathu asanaweruke Lachisanu lija analowa pa seva n'kulemba `git status` kuti aone ngati palibe wasintha kanthu mwamseri, kenako `git pull`, ndipo usikuwo sikiripiti yokonzedwa inawerenga malisiti a masitolo onse anayi.