Fomu ya pa intaneti: funsani bwino kuti muwerenge bwino

Gulu la alimi likakonza maphunziro oweta nkhuku, okonza amafunika kudziwa chiwerengero cha anthu asanagule ufa ndi ndiwo. Fomu ya Google Forms, imene imatumizidwa pa WhatsApp, ingagwire ntchito imeneyi popanda malipiro, bola muli ndi akaunti ya Google. Koma phindu lake lagona pa kafunsidwe ka mafunso.

Tiyerekeze kuti malo alipo 40. Tsegulani forms.google.com ndipo mulembe mafunso atatu: dzina, nambala ya foni, ndi boma limene munthu akuchokera. Pa dzina ndi nambala sankhani Short answer, kuti munthu alembe yekha. Pa boma sankhani Multiple choice, ndi kuikamo Chipata, Katete ndi Petauke. Funso lililonse likhale Required, kuti pasakhale wolidumpha.

Chifukwa chosankhira Multiple choice ndi ichi: anthu akamalemba okha, wina alemba "Chipata", wina "Cipata", wina dzina la mudzi wake. Inu mudziwa kuti onsewa ndi a boma limodzi, koma kompyuta imawaona ngati malo atatu osiyana. Samalaninso ndi Limit to 1 response. Imaletsa munthu kulembetsa kawiri, koma imafuna kuti aliyense alowe ndi akaunti ya Google, motero mlimi amene alibe akaunti amatsala kunja.

Mayankho akayamba kufika, pitani pa Responses ndi kudina Link to Sheets. Tebulo la Google Sheets lidzatseguka. Mzere woyamba uli ndi mitu, ndipo mzere uliwonse wotsatira ndi yankho limodzi. Danga A limasunga tsiku ndi nthawi, B dzina, C nambala, D boma. Kuti mudziwe ochokera ku Katete, lembani izi m'kabokosi kopanda kanthu, kumanja kwa mayankho:

```
=COUNTIF(D:D,"Katete")
```

Tinene kuti Chipata yapereka 21, Katete 14, Petauke 9. Pamodzi ndi 44, kuposa malo 40. Musafulumire kubweza anthu anayi. Netiweki ikamavuta, munthu amakayika ngati fomu yapita, n'kulembanso kachiwiri. Sanjani mizere potsata danga C kuti manambala ofanana ayandikane, ndipo muyang'ane maina. Nambala imodzi yokhala ndi dzina limodzi kawiri ndi munthu mmodzi. Chotsani mzere umodzi. Nambala imodzi yokhala ndi maina awiri ingakhale ya bambo ndi mayi a nyumba imodzi, asiyeni onse.

Mukachotsa mizere itatu yobwereza, atsala 41. Danga A lidzakuonetsani amene analembetsa pomalizira, ndipo ameneyo ndiye woyembekezera malo. Chiwerengero cha pa Responses chidzanenabe 44, pakuti kuchotsa mzere m'tebulo sikufufuta yankho mu fomu. Pogula chakudya, tsatirani tebulo limene mwaliyeretsa.