Mbiri ya Wogulitsa Malonda: Manambala Ndiwo Mboni

Wogulitsa malonda akafuna nchito ku kampani ina, amapemphedwa kulemba mbiri yacidule ya nchito yake. Ambiri amalemba kuti ndi akhama ndiponso odziwa kulankhula ndi anthu. Koma bwana amene ali ndi makalata 50 patebulo aona mau omwewo m'kalata iriyonse. Cimene afuna ndico zinthu zimene angathe kutsimikiza.

Tiyeni tiyerekeze mai wina amene agulitsa mbeu ya cimanga kwa eni masitolo a ku Chipata, Katete ndi Petauke. Coyamba alembe muyeso umene kampani inamuikira ndi pamene iye anafika. Ngati anauzidwa kugulitsa matumba 4,000 m'nyengo ya 2023 ndipo anagulitsa 4,600, alembe manambala onse awiri, naonjeze kuti anafika pa 115 peresenti. Nambala ya 4,600 payokha sinena kanthu, pakuti woŵerenga sadziwa ngati muyeso unali 3,000 kapena 8,000.

Tilangiza kuŵerenga matumba koposa makwaca. Mitengo ikakwera, ndalama zimacuruka ngakhale katundu wogulitsidwa wacepa. Ndiponso amene anayamba nchito kale akumbukire kuti mu Januwale 2013 kwaca inacotsedwa maziro atatu, motero K50,000,000 ya 2012 ndiyo K50,000 ya 2013. Wosakaniza ndalama ziwirizi amaoneka ngati wonama.

Caciwiri ndico makasitomala atsopano. Maiyu anene kuti anakopa masitolo 12 amene kale sanali kugula ku kampani yake, ndi njira imene anawakopera, monga kufikitsa mbeu mu Okutobala mvula isanayambe. Sitolo imene inangotenga katundu pangongole osalipira isaŵerengedwe, cifukwa malonda amatha pamene ndalama zalowa. Bwana wocenjera adzafunsa za ngongolezo.

Cacitatu, cimene cilemera koposa, ndico makasitomala okhalitsa. Munthu angathe kufika pa muyeso caka cimodzi mwa kukakamiza eni masitolo kutenga mbeu yoposa imene angagulitse. Mbeuyo ikatsala, caka camawa sabweranso. Cifukwa cace maiyu alembe kuti mwa masitolo 30 amene anapatsidwa mu 2021, masitolo 26 anali kugulabe mu 2024. Akafunsidwa za anai otsalawo, ayankhe zoona, kaya anatseka kapena anapita ku kampani ina.

Maina a makasitomala asalembedwe popanda cilolezo cao, ndipo mitengo yacinsinsi ya kampani yakale isaululidwe. Nkokwanira kunena kuti "sitolo yaikuru ya ku Katete". Koma ndi bwino kupempha mwini sitolo mmodzi kuti avomere kukhala mboni. Bwana akamuimbira foni namva manambala ofanana ndi a m'kalata, adzakhulupiriranso zina zonse zolembedwamo.