Kusandutsa Chithunzi cha Nyanja Kukhala Chakuda ndi Choyera

Mukangochotsa mitundu pa chithunzi cha nyanja, thambo ndi madzi zimatuwa mofanana. Mankhwala ake mu Photoshop ndi Channel Mixer: chongani Monochrome, kenako ikani Red pa 80, Green pa 20, Blue pa 0. Thambo lobiriwira lili ndi kufiira kochepa, motero limada, mitambo n'kuwala. Manambalawo akaposa 100 powaphatikiza, mitambo imayereratu n'kutaya maonekedwe.

Mukatero tsegulani Curves. Kokerani mzerewo pansi pang'ono kumbali yakuda, muukweze kumbali yowala, upindike ngati S. Mukaona bwato la msodzi langokhala chimthunzi chopanda matabwa, mwapyola muyezo. Bwezani mzerewo mpaka matabwawo aonekenso.